Uthenga Umodzi Kaye, Masilaidi Pambuyo

Munthu amene wapatsidwa mphindi zisanu zoti alankhule pamsonkhano angathe kusiya mfundo imodzi yokha m'mitu ya omvera. Mfundo imeneyo ndiyo uthenga wa nkhani yake, ndipo iyenera kupezeka iye asanayatse n'komwe kompyuta. Ambiri amayambira kumchira: amatsegula PowerPoint, n'kuyamba kudzaza masilaidi ndi chilichonse chimene akudziwa, poganiza kuti uthenga utulukira wokha pamapeto. Kawirikawiri sutulukira, chifukwa silaidi iliyonse yopanda kanthu imangokopa munthu kuti aidzaze, koma siimuuza ngati zimene akulembazo zikufunikadi.

Choyamba n'kusiyanitsa mutu ndi uthenga. Mutu umangotchula dzina la nkhani, pomwe uthenga ndi chiganizo chathunthu chimene wina angachivomereze kapena kuchitsutsa. Mwachitsanzo, mlangizi wa zaumoyo wapemphedwa kulankhula kwa mafumu ndi komiti ya chitukuko za madzi a m'dera lake. "Mijigo ya m'dera lathu" ndi mutu chabe, ndipo palibe amene angautsutse chifukwa sunanene kanthu. Pansi pa mutu wotere pangalowe mbiri ya mjigo uliwonse, mayina a mabungwe amene anakumba, matenda otsekula m'mimba, ngakhalenso mapu. Zonsezi n'zoona, koma mphindi zisanu zidzatha mafumu asanamve chimene akupemphedwa.

Uthenga umapezeka poyankha mafunso awiri papepala: omverawa ndi ndani, nanga akuyenera kuchita chiyani akatuluka m'chipindamo? Mlangizi uja akaganiza bwino, amaona kuti mafumu safunika kuphunzitsidwa ubwino wa madzi aukhondo, poti amaudziwa kale. Chimene chili m'manja mwawo n'kukhazikitsa lamulo la m'mudzi. Motero chiganizo chake chimakhala chakuti: "Mijigo yathu ikufa chifukwa palibe ndalama zogulira zipangizo ikawonongeka, choncho mudzi uliwonse ukhale ndi thumba losonkherana mwezi ndi mwezi." M'chiganizomu muli vuto, gwero lake ndi pempho, ndipo chimanenedwa ndi mpweya umodzi.

Apa ndi pamene pamavuta, chifukwa kusankha uthenga umodzi n'kutaya ina yabwino. Mlangiziyo mwina anathera sabata yonse akusonkhanitsa ziwerengero za odwala, ndipo kuzisiya kumapweteka. Komabe muyeso wake ndi umodzi: mfundo iliyonse imafunsidwa ngati ikuthandiza omvera kukhulupirira chiganizo chija. Chithunzi cha mjigo wofa, womera udzu, chimakhala. Mtengo wa labala limene linatha, pouyerekeza ndi ndalama imene banja lililonse lingasonkhe, umakhalanso, ndipo mwina ndiwo umboni wamphamvu koposa. Mudzi woyandikana nawo umene uli ndi thumba ndipo mjigo wake ukugwirabe ntchito, umalowa wachitatu. Mapu ndi mbiri ya mabungwe zimapita papepala logawira anthu pamapeto, kapena zimadikira nthawi ya mafunso.

Masilaidi amabwera tsopano, ndipo amakhala ochepa mwachibadwa: atatu a umboni, ina imodzi ya pempho. Pamwamba pa silaidi iliyonse pamalembedwa chiganizo chonena kanthu, monga "Labala lotchipa likuimitsa mjigo wonse", m'malo mwa liwu limodzi loti "Zipangizo". Munthu wowerenga mitu yokhayo motsatizana ayenera kumva nkhani yonse.

Pali mipikisano imene imakakamiza mwambo umenewu. Mu 2008 yunivesite ya Queensland ku Australia inayambitsa mpikisano umene ophunzira a digiri ya udokotala amafotokoza kafukufuku wawo wa zaka zingapo m'mphindi zitatu, ndi silaidi imodzi yosasintha. Njira ya PechaKucha, imene inayambira ku Tokyo mu 2003, imalola masilaidi 20, iliyonse masekondi 20, zonse pamodzi mphindi 6 ndi masekondi 40. M'malire otere, wolankhula wopanda uthenga amaonekera msanga.

Zizindikiro zakuti uthenga sunapezeke sizivuta kuona. Ngati chiganizo chija chili ndi "komanso" kawiri kapena katatu, ndiye kuti ndi mauthenga angapo omangidwa pamodzi. Ngati masilaidi angasinthidwe malo popanda chosokonekera, palibe ulusi wowalumikiza. Chiyeso chodalirika n'kufotokozera mnzake amene sadziwa nkhaniyo, popanda kompyuta, kenako n'kumupempha kuti abwereze zimene wamva m'chiganizo chimodzi. Akabweza mutu wokha, kunena kuti "zinali za mijigo", ntchito idakalipo. Akanena kuti "midzi isonkhe ndalama zokonzera", uthenga wafika, ndipo nkhani yotere imalankhulika ngakhale magetsi atathima pulojekita isanayake.