“Kumene munkagwira kuja munachokerako chiyani?”

Mafunso onse a intavyu ayenda bwino, za sukulu mwayankha, za luso lanu mwafotokoza. Kenaka mayi amene akhala pakati paja atsegula kalata yanu nkufunsa kuti, “Nanga kumene munkagwira kuja munachokerako chiyani?” Kwa munthu amene anachita kuchotsedwa, apa ndi pamene kukamwa kumauma.

Tiyerekeze ndi bambo amene anali wosunga katundu pa shopu ya zipangizo zomangira kwa zaka zinayi. Tsiku lina powerengera sitoko panapezeka kuti matumba 40 a simenti palibe. Iye sanabe. Koma ankalola madalaivala kutulutsa katundu asanasaine, poti ndi anthu odziwana, akuti adzasaina pobwera. Anamuitana kuti adzayankhepo, mapepala osonyeza kumene matumbawo analowera analibe, ntchito nkuthera pomwepo.

Bambo wotere mtima umamuuza kuti angonena kuti “kontirakiti inatha”. Yankholi limakoma mkamwa, koma silichedwa kugwa. Wofunsa wozolowera amangowonjezera kuti, “Inali ya zaka zingati? Nanga tingaimbire ndani kumeneko?” Anthu a ntchito imodzi m'tauni amadziwana, ndipo foni imodzi yokha imakwana. Bodzalo likaululika mutalembedwa kale, bwana watsopano amakhala ndi chifukwa chokuchotserani, ndipo ulendo uno mlandu ndi wa kusakhulupirika, umene ndi woipa kuposa wa simenti uja.

Ena amagwera mbali inayo. Amayamba kulongosola za manijala amene ankadana nawo, za kaduka, za mphwake wa abwana amene ankafuna mpandowo. Mwina zonsezo nzoona, ndipo kawirikawiri zimakhaladi zoona. Vuto ndi loti wofunsayo sangathe kuweruza mlandu umene wamva mbali imodzi. Chimene akuona ndi munthu amene mawa adzawanenanso iwowo kwinakwake.

Wofunsa sakufuna mbiri yonse. Akufuna kudziwa ngati zimene zinachitika kujazi zidzachitikenso pakhomo pawo. Tsono bambo wathu angayankhe motere:

“Anandichotsa, mayi. Powerengera sitoko panasowa matumba 40 a simenti, ndipo kulakwa kwanga kunali koti ndinkatulutsa katundu wina munthu asanasaine. Kuchokera pamenepo, ngakhale pa maganyu amene ndakhala ndikugwira, palibe chimene chimatuluka popanda siginecha, ndipo ndimawerengera katundu Lachisanu lililonse m'malo modikira kutha kwa mwezi.”

Akatero atseke pakamwa. Kungokhala chete kumeneku ndi kumene kumavuta anthu ambiri, chifukwa wofunsa akaweramira pepala nkumalemba, munthu amayesa kuti sanakhutire, ndiye amayamba kuthira ndiwo zina mpaka kutulutsa zimene sanafunsidwe. Yankho lisapitirire theka la mphindi. Ngati akufuna zambiri afunsa okha, ndipo funso lotsatira limadziwikiratu: “Kodi nkhaniyi inafika kupolisi?” Liyankheni monga momwe zinalili, m'mawu ochepa.

Taonani kuti bamboyu wavomera chimene analakwa chokha. Sanadzisenzetse mlandu wa kuba pofuna kuoneka wodzichepetsa. Waonetsanso chinthu chogwirika chimene anasintha. Mawu oti “ndinaphunzirapo zambiri” aliyense amanena, ndipo sasuntha munthu.

Ntchito yaikulu imachitika musanalowe m'chipindamo. Ku Malawi, gawo 31 la lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati wantchito akapempha, abwana ampatse chikalata chosonyeza nthawi imene anagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chimene ntchito inathera chimalembedwamo pokhapokha mwiniwake atapempha, chimodzimodzinso ndemanga ya momwe ankagwirira ntchito. Tengani chikalata chimenechi, chimatsimikizira zaka zinayi zija popanda kutchula simenti. Koma musachiyese chobisalira: pepala likhoza kukhala chete, koma munthu woyankha foni sakhala chete. Nchifukwa chake kuli bwino kupeza wina wa kumeneko amene anaona ntchito yanu, kaya kapitawo wakale kaya wowerengera ndalama, nkumupempha kuti akhale mboni yanu. Mufunseni maso ndi maso chimene adzanene akaimbiridwa, kuti mawu anu ndi ake asadzasemphane.

Nanga ngati mukuona kuti anakuchotsani mopanda chilungamo, ndipo nkhani ili ku khoti loona milandu ya apantchito? Musaibise, koma musazenge mlanduwo pa intavyu. Nenani kuti simunagwirizane ndi momwe ntchito inathera, nkhaniyo ili kukhoti, ndipo siikulepheretsani kuyamba ntchito. Olemba ntchito ena amachita nazo mantha zimenezi, tisanamizane, ndipo mwayi wina ukhoza kukudutsani pa chifukwa chomwechi. Komabe kuli bwino amve kwa inu lero kusiyana ndi kudzadabwa tsiku limene mudzapemphe chilolezo chopita kukhoti.