Botolo la uchi lionekere lokha: luso louza kompyuta zimene simukufuna pa chithunzi

Amalonda ambiri masiku ano akugwiritsa ntchito mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera ku mawu. Munthu amalemba zimene akufuna, kompyuta n'kujambula. Koma aliyense amene wayesapo amadziwa kuti mapulogalamuwa ndi owolowa manja mopitirira muyeso. Mukapempha botolo la uchi, amakupatsani botololo, n'kuwonjezera kamtengo kotungira uchi, zisa za njuchi, maluwa, nthawi zina ngakhale njuchi ziwiri zikuuluka. Chivindikiro chimatha kukhala chopendekera, ndipo mthunzi wakuda bii umagwera mbali imodzi. Wogula akaona chithunzi chotere sadziwa ngati mukugulitsa uchi kapena maluwa.

Mankhwala ake ndi mndandanda wa zinthu zokana, umene pa sikirini umalembedwa kuti Negative prompt. Nkhani yake ndi yakuti mndandanda wabwino umakhala waufupi, ndipo umachokera pa zolakwika zimene mwaziona ndi maso anu, osati umene mwangokopera kwa anzanu.

Mmene mawu okana amagwirira ntchito

Njirayi inatchuka ndi Stable Diffusion, pulogalamu imene inatulutsidwa mu Ogasiti 2022. Pulogalamuyi siyamba ndi pepala loyera. Imayamba ndi timadontho tosokonekera, ngati timene timadzaza pa wailesi yakanema ikalephera kugwira siteshoni, ndipo imatiyeretsa pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 30, kufikira chithunzi chitaoneka. Pa ulendo uliwonse imayerekeza kawiri: koyamba motsatira mawu a zimene mukufuna, kachiwiri motsatira mawu a zimene mwakana. Ikatero imakankhira chithunzicho kumbali ya zofuna zanu, kutali ndi zokanidwazo.

Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwira. Choyamba, mawu okana si chofufutira. Sachotsa chinthu pa chithunzi chimene chajambulidwa kale, koma amachepetsa mwayi woti chinthucho chibadwe. N'chifukwa chake nthawi zina chimene mwakana chimabwerabe. Chachiwiri, mphamvu ya kukankhako imadalira nambala yotchedwa CFG Scale. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu imene ambiri amayendetsera Stable Diffusion, nambalayi imayambira pa 7. Mukaitsitsa kufika pa 1, mawu okana sagwiranso ntchito ngakhale pang'ono. Mukaikweza kwambiri, mitundu imapsa ndipo mithunzi imada, zomwe ndi vuto lomwelo limene mumafuna kulithawa.

N'chifukwa chiyani uchi umabwera ndi kamtengo kake popanda kukaitana? Mapulogalamuwa anaphunzira pa zithunzi zambirimbiri za pa intaneti ndi mawu ofotokoza zithunzizo. Pa zithunzi zambiri zotsatsa uchi pamakhala kamtengoko, zisa ndi maluwa, choncho kompyuta inazolowera kuti zinthuzi zimayendera limodzi. Mawu ambiri amene inaphunzira ndi a Chingerezi, moti ngakhale mumaganiza m'Chichewa, m'bokosimo muyenera kulembamo Chingerezi.

Yambani ndi bokosi lopanda kanthu

Tiyerekeze kuti mlimi wa njuchi akufuna chithunzi cha botolo lagalasi la uchi, la chivindikiro chakuda, pamalo oyera. M'bokosi la zofuna akulemba motere:

```
product photo of a glass jar of honey, black lid,
plain white background, soft diffused studio light
```

Bokosi la zokana alisiye lopanda kanthu, atulutse zithunzi 8, aziyang'anitsitse chimodzichimodzi, n'kulemba papepala zolakwika zimene zikubwerezabwereza. Cholakwika chimene chaoneka kamodzi kokha asavutike nacho, chifukwa mwina changochitika mwamwayi. Koma chimene chaoneka pa zithunzi zitatu kapena zinayi n'chizolowezi cha pulogalamuyo, ndipo n'chimene chiyenera kulowa pamndandanda.

Akatero asankhe chithunzi chimodzi chokhala ndi zolakwika zambiri, atenge nambala yake ya Seed n'kuilemba m'bokosi lake. Nambala imeneyi ndi imene imasankha timadontho toyambira tija. Ikakhala pa -1, kompyuta imasankha nambala yatsopano ulendo uliwonse, ndipo simungadziwe ngati chithunzi chakongola chifukwa cha mawu anu kapena mwangochita mwayi. Ikakhala yosasintha, kusintha kulikonse kumene mukuona kwachokera pa mawu amene mwawonjezera.

Zinthu zobwera zosaitanidwa

Gawo ili ndi limene mawu okana amachita bwino kwambiri, chifukwa supuni, duwa ndi njuchi ndi zinthu zokhala ndi maonekedwe odziwika. Tchulani chinthu chilichonse ndi dzina lake, n'kulekanitsa ndi makoma:

```
wooden dipper, spoon, bees, flowers, lemon, cloth, hands
```

Musalembemo `no` kapena `without`. Bokosilo palokha likutanthauza kale kukana. Vuto lalikulu limabwera mukalemba `no spoon` m'bokosi la zofuna: kompyuta imamva dzina la supuni koposa kukanako, ndipo imatha kukujambulirani supuniyo.

Pali msampha umene ambiri amagweramo. Dzina lodziwika la kamtengo kaja ndi `honey dipper`, ndipo zisa ndi `honeycomb`. Mayina onsewa ali ndi mawu otanthauza uchi, chinthu chenichenicho chimene mukugulitsa. Mukawaika m'bokosi la zokana, mukhoza kukankhira kutali uchi weniweniwo. Chizindikiro chake n'chakuti zam'botolo zimayamba kutuwa, kuoneka ngati mafuta ophikira kapena madzi. Mukaona zimenezo, sinthani dzinalo mulembe `wooden dipper`, monga tachitira pamwambapa. Lamulo lake ndi losavuta: mawu amene ali m'bokosi la zofuna asapezekenso m'bokosi la zokana. Ngati mukufuna botolo likhale pathebulo lathabwa, ndiye kuti `wooden` nayenso achoke, mutsale ndi `dipper` basi.

Mthunzi usachoke wonse

Munthu akaona mthunzi wakuda, amathamangira kulemba `shadow`. Akatero, mthunzi wonse umatha kuzimiririka ndipo botolo limaoneka ngati likuyandama m'malere. Diso la wogula limazindikira msanga kuti pali chinachake chabodza. Chinthu chimene chakhala pansi chimafuna kamthunzi kofewa m'munsi mwake kuti chioneke kuti chili ndi kulemera.

Choncho kanani mtundu wa kuwala umene umabala mthunzi woipawo:

```
harsh shadow, hard light, direct sunlight, glare, high contrast
```

Komabe mawu amenewa paokha sakwanira, chifukwa kompyuta imamvabe dzina la mthunzi mkati mwake. Bokosi la zofuna liyenera kuthandiza. Onjezanimo `soft contact shadow under the jar`, kutanthauza kamthunzi kofewa pamene botolo lakhudza pansi. Bokosi limodzi limati ayi, linalo limanena chimene chilowe m'malo mwake. Kukana kopanda cholowa m'malo kumasiya mpata, ndipo kompyuta imadzaza mpatawo ndi zake.

Mthunzi wouma ukakakamira, AUTOMATIC1111 imalola kuwonjezera mphamvu ya mawu amodzi, monga `(harsh shadow:1.3)`. Kwezani pang'onopang'ono, kuyambira 1.1. Mukapitirira 1.5, nthawi zambiri chithunzi chimafwifwa, ndipo galasi limasiya kunyezimira mpaka kuoneka ngati pulasitiki.

Zopindika ndi malire a njirayi

Gawo lachitatu ndi lovuta kuposa onse. Anthu ambiri amadzaza bokosi ndi mawu ngati `ugly`, `bad quality` ndi `deformed`, kenako n'kuwonjezera `extra fingers` ngakhale pa chithunzipo palibe munthu. Mawu otere alibe maonekedwe amodzi amene kompyuta ingawathawe, ndipo amangodya malo. Mbali ya pulogalamuyi yowerenga mawu imatenga tizigawo ta mawu 75 pa nthawi imodzi, ndipo mndandanda ukatalika, mphamvu ya mawu ofunika imasungunuka pakati pa osafunika. Tchulani kupindika kumene mwakuona:

```
crooked lid, warped glass, tilted jar, duplicate jars, blurry, watermark
```

Mabotolo akamatuluka awiri kapena lalitali modabwitsa, yang'anani kaye kukula kwa chithunzi musanawonjezere mawu. Stable Diffusion 1.5 inaphunzira pa zithunzi za 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, pamene SDXL ya mu 2023 inapangidwira 1024 ndi 1024. Mukapempha chithunzi chachikulu kwambiri kuposa pamenepo, pulogalamu imabwereza chinthucho kuti idzaze malo. Vuto limenelo limatha pokonza manambala, osati pokana.

Nanga zilembo zapalebulo? Apa mawu okana amagonja. Mukalemba `text`, zilembo zosokonekera zimachepa, koma lebulo nayo imatha kuchoka. Mukapanda kulemba, mumapeza dzina la malonda anu litalembedwa m'zilembo zosawerengeka. Njira yodalirika ndi kujambula botolo lanu lenileni ndi foni, pafupi ndi windo lopanda dzuwa lowomba mwachindunji, kenako n'kugwiritsa ntchito Inpaint. Mumapaka malo ozungulira botolo okha, kompyuta n'kujambulanso malo amenewo motsatira mabokosi awiri aja, botolo ndi lebulo yake osakhudzidwa.

Dziwaninso kuti mapulogalamu amasiyana. Mu Midjourney mulibe bokosi lapadera. Mumalemba `--no` kumapeto, kenako mayina a zinthu, monga `--no spoon, bees, flowers`. Pulogalamuyi imatha kuwerenga liwu lililonse palokha, moti `--no honey dipper` ikhoza kumveka ngati mwakana uchi. Mitundu ina yofulumira, monga SDXL Turbo, komanso FLUX.1 imene inatuluka mu 2024, mwa nthawi zonse sigwiritsa ntchito mawu okana. Kumeneko muyenera kufotokoza zonse m'bokosi la zofuna, monga `empty white surface, single jar`.

Yesani, kenako dulani

Onjezani gulu limodzi la mawu pa nthawi imodzi: zinthu zosaitanidwa kaye, kenako kuwala, pomaliza zopindika. Mukamaliza, bwererani m'mbuyo, muzichotsa mawu amodziamodzi n'kuona ngati vuto labwerera. Ngati silinabwerere, mawuwo analibe ntchito, asiyeni kunja. Pomaliza yesani mndandandawo pa manambala ena a Seed, atatu kapena anayi, kuti mutsimikize kuti sukugwira pa chithunzi chimodzi chokha. Mndandanda wa uchi musautengere ku sopo kapena nsapato, chifukwa malonda aliwonse amabwera ndi zosaitanidwa zakezake: sopo amabwera ndi thovu ndi thaulo, nsapato zimabwera ndi mapazi.

Chithunzi chikatuluka, ikani botolo lenileni pafupi ndi sikirini. Yerekezani mtundu wa uchi, kukula kwa botolo, chivindikiro ndi lebulo. Uchi wanu ukakhala wakuda, musalole kompyuta iuyeretse kuti uoneke wagolide, chifukwa wogula akalandira chosiyana ndi chimene anaona sabweranso. Chotsani zosokoneza zonse, koma malondawo aonekere mmene alili.