Chithunzi cha pa pulofailo chichepe chisanachoke pa foni

Mayi wina anandipatsira foni yake nkhope itakwinyika. Bungwe lawo la alimi linali litatsegula webusayiti yoti membala aliyense aziikapo dzina ndi chithunzi chake, ndipo iye anali atayesa katatu. Akasankha chithunzi n'kudina batani, tsamba limangoti zii. Akadikira pang'ono amaganiza kuti zakanika, n'kudinanso. Bandulo inali kutha, chithunzi osaoneka. Anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi ndi foni yangayi kapena ndi netiweki?"

Foni inalibe mlandu, ndipo netiweki inali yofooka monga mwa masiku onse. Cholakwa chinali cha amene anapanga tsambalo, ndipo munthuyo ndinali ine.

Foni ya mayiyo imajambula chithunzi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Mapikiselo ndi timadontho tamitundu timene timapanga chithunzi, ndipo apa tilipo 12 miliyoni. Fayilo yake imalemera mamegabaiti pafupifupi 4. Koma pa tsamba la pulofailo chithunzi chimaoneka m'kabwalo kakang'ono, koti mapikiselo 400 mbali zonse amakwana n'kutsala. Ndiye kuti tsamba langa linkamusenzetsa mayiyo thumba lonse la chimanga pamene chofunika chinali kambale kamodzi.

Tiwerengere limodzi. Megabaiti imodzi ili ndi mamegabiti 8, choncho chithunzi chija ndi mamegabiti 32. Ngati netiweki ikutumiza theka la megabiti pa sekondi, zomwe sizachilendo munthu akakhala kutali ndi nsanja, chimatenga masekondi 64. Mphindi yathunthu kuyang'ana tsamba losagwedezeka n'komwe! Ndani sangadinenso?

Choyamba chimene ndinakonza ndi kuika kamzere kamene kamadzaza pang'onopang'ono fayilo ikamapita. Kamzereka sikalosera ayi. Bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba ija, imadziwa kukula kwa fayilo yonse komanso gawo limene latuluka kale, ndipo imanena manambala awiriwa pafupipafupi. Wopanga tsamba amangogawa nambala ina ndi inzake:

```js
xhr.upload.onprogress = e => {
  bar.value = e.loaded / e.total * 100;
};
```

Ophunzira ntchitoyi amakonda kupunthwa pano. Njira yatsopano yotumizira zinthu, yotchedwa `fetch`, ndi imene ambiri amaiphunzira koyamba, koma ilibe kachidziwitso kophweka kangati aka. Amene akufuna kamzere koona amabwerera kwa nkhalamba `XMLHttpRequest`. Ena amachita ulesi n'kuika kamzere kongoyenda kokha mosayang'ana fayilo. Kamadziwika msanga: muzimitse deta pakatikati, mudzaona kakupitabe ngati palibe chachitika.

Ngakhale kamzere koona kali ndi kabodza kake. Kakafika pa 100 zimatanthauza kuti fayilo yachoka m'manja mwa bulawuza basi. Seva, kompyuta yosunga webusayiti ija, ikhoza kukhala isanamalize kulandira ndi kusunga. N'chifukwa chake kakadzaza ndimalemba mawu oti "Tikusunga chithunzi", ndipo batani limakhala lotseka mpaka seva itayankha.

Kamzere kanathetsa kudinadina, koma mphindi ija inali pomwepo, bandulo ikudyekabe. Mankhwala enieni anali kuchepetsa chithunzi pa foni pomwepo chisananyamuke. Bulawuza ili ndi malo ojambulirapo otchedwa `canvas`. Mumatenga chithunzi chachikulu chija, n'kuchijambulanso pamenepo chili chaching'ono. Poti kabwalo ka pulofailo n'kofanana mbali zonse, ndimadula mapikiselo 500 kumanzere ndi 500 kumanja, kuti patsale 3000 ndi 3000, kenaka n'kutsitsa kufika pa 400:

```js
ctx.drawImage(img, 500, 0, 3000, 3000, 0, 0, 400, 400);
canvas.toBlob(send, "image/jpeg", 0.8);
```

Manambala odulirawo ndi a chithunzi cha mayi uja. Pa tsamba lenileni amawerengeredwa kuchokera ku chithunzi chilichonse. Kudula n'kofunika, chifukwa mukangopanikiza chithunzi chotalika kuti chilowe m'malo ofanana mbali, nkhope ya munthu imatuluka yoonda ngati ndodo. Nambala ya 0.8 ikunena za ubwino wa chithunzi: mukaitsitsa kwambiri fayilo imapepuka koma nkhope imachita timabokosi. Pa 0.8 chimatuluka cholemera makilobaiti ngati 50, ndipo pa netiweki yofooka yomwe ija chimapita m'sekondi imodzi.

Pali phindu lina limene sindinkaliganizira. Foni imabisa timfundo tina mkati mwa chithunzi, totchedwa EXIF: tsiku, mtundu wa foni, ndipo ngati mwini analola, malo enieni pamene anajambulira. Munthu wajambula ali pakhonde pake, waika pa intaneti, ndipo wodziwa kuwerenga timfundoti akhoza kulondola mpaka pakhomo. Chithunzi chodutsa pa `canvas` chimatuluka chilibe zonsezi.

Mu EXIF momwemo ndi momwe foni imalemba kuti inagwiridwa choimirira kapena chopingasa. Mabulawuza amakono amawerenga chizindikirocho n'kuwongola okha. Koma mukamachepetsera pa seva ndi pulogalamu yosachiwerenga, munthu amaoneka atagona chammbali. Mukaona zithunzi zojambulidwa choimirira zokha ndi zimene zikupendekeka, musafufuze kwina.

Tsopano malire a kukula kwa fayilo. Apa ndi pamene ndinatuluka thukuta, chifukwa zipata zilipo zingapo ndipo chilichonse chili ndi mlonda wake. Pulogalamu ya nginx, imene imalandira alendo pa maseva ambiri, ikangoikidwa imakana chilichonse choposa megabaiti imodzi, n'kubweza uthenga wa `413 Request Entity Too Large`. Malire akewo amasinthidwa pa `client_max_body_size`. Kuseri kwake PHP nayo ili ndi `upload_max_filesize`, yomwe imayambira pa mamegabaiti 2, ndi `post_max_size`, pa 8. Ine ndinakweza za PHP n'kuiwala nginx. Ndiye kuti chithunzi cha mayi uja, ngakhale akanadikira mphindi yonse osadinanso, chikanabwezedwa pa chipata choyamba, tsamba langa osamuuza kanthu.

Lero ndimayeza kawiri. Pa foni, munthu akangosankha fayilo, tsamba limaona kukula kwake, ndipo ikaposa mamegabaiti 15 limamuuza nthawi yomweyo asanawononge deta. Malire amenewa amateteza foni yeniyeniyo: chithunzi cha mamegabaiti 4 chikatambasulidwa kuti chichepetsedwe chimadya mamegabaiti 48 a memole, popeza pikiselo iliyonse imafuna mabaiti 4. Chachikulu kwambiri chikhoza kuumitsa foni yotchipa.

Pa seva ndimayezanso, ndipo kumeneko sindikhulupirira aliyense. Zoyeza za pa foni munthu wa zolinga zoipa amazilambalala mosavuta, n'kutumiza fayilo molunjika. Dzina lothera ndi `.jpg` si umboni woti ndi chithunzi. Seva iyenera kuitsegula, kuona ngati ilidi chithunzi, kuichepetsanso yokha, ndi kuipatsa dzina latsopano. Kuchepetsa kwa pa foni n'kothandiza mwini bandulo, kwa pa seva n'kotchinjiriza webusayiti.

Mayi uja anayesanso patapita sabata. Kamzere kanangothwanima kamodzi, nkhope yake n'kuonekera m'kabwalo. Anaseka, n'kudandaula kuti chitenje chake chatsopano chadulidwa.

Inu amene mwalamula kuti akupangireni tsamba lotere, musalilandire mutangoliyesa pa kompyuta ya mu ofesi. Tengani foni yotchipa, pitani pamene netiweki imavuta, jambulani chithunzi choimirira, mutumize, ndipo muone deta imene yapita.