Akauntanti wachinyamata: mbiri yako ikhale pa ntchito imodzi yodziwika

Telala amapachika madiresi amene wasoka pakhonde, odutsa n'kumaona okha luso lake. Akauntanti alibe mwayi umenewu. Ntchito yake yonse ili m'mabuku a anthu ena, ndipo malamulo a ntchitoyi amaletsa kuulula za m'mabukuwo popanda chilolezo cha mwini wake. Nanga wachinyamata amene wangomaliza mayeso, alibe ofesi, ali ndi laputopu ndi foni basi, angadziwike bwanji kuti eni mabizinesi ayambe kumufuna?

Ambiri amayamba ndi kulemba pa Facebook kuti amagwira ntchito zonse zokhudza ndalama: mabuku, misonkho, malipiro, ngongole, upangiri. Uthenga wotere sukhala m'mutu mwa munthu. Mwini golosale ku Ndirande sadzuka m'mawa n'kumaganiza za "ntchito zonse". Amadzuka ndi vuto limodzi, mwina kalata yochokera ku MRA, ndipo amafunsa mnzake kuti, "Achimwene, kodi zinthu izi amakukonzerani ndani?" Dzina limene lidzatchulidwe pamenepo ndi la munthu amene amadziwika ndi vuto lomwelo.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Lilongwe amene wasankha gulu limodzi lokha: amalonda ang'onoang'ono amene amaperekera katundu ku mabungwe, m'masukulu ndi m'maofesi a boma, monga mapepala, mipando ndi yunifolomu. Anthu amenewa ali ndi dandaulo lofanana. Akapereka katundu, ndalama sizibwera zonse, chifukwa wogula amadula kaye msonkho n'kukaupereka ku MRA m'dzina lawo. Pa katundu wa K10 miliyoni, ngati mlingo wodula ndi 3 peresenti, K300,000 imatsala. Ambiri amangoti ndalamayo yapita. Chonsecho wogula amayenera kupereka setifiketi yosonyeza kuti wadula zingati, ndipo powerengera msonkho wa chaka chonse, ndalama zonse za pa masetifiketi amenewa zimachotsedwa pa msonkho umene wamalondayo amayenera kulipira. Wamalonda amene wapereka katundu wotere kasanu pa chaka ali ndi K1.5 miliyoni imene analipira kale. Akataya masetifiketi, kapena akapanda kuwaitanitsa, zimavuta kutsimikiza kuti analipiradi.

Mfundo imodzi imeneyi ikukwanira kuyambira. Mtsikana uja akhoza kuilemba m'mizere isanu, m'Chichewa, n'kuiika pa WhatsApp pamene anthu onse amene anasungirana naye manambala amaona. Sabata yotsatira alembe za setifiketi yosonyeza kuti munthu alibe ngongole ya msonkho, imene imafunika popikisana pa matenda a boma, ndi chifukwa chake si bwino kuifuna mawa lake likhale tsiku lotseka. Ina alembe za kusiyanitsa ndalama za bizinesi ndi za pakhomo pa Airtel Money kapena Mpamba, poti ambiri amalandirira makasitomala pa nambala yomweyo imene amatumizira ndalama ya ndiwo kunyumba. Pakatha miyezi ingapo, anthu amayamba kumutchula kuti "mtsikana uja wa misonkho ya matenda". Dzina limenelo ndi lamtengo kuposa chizindikiro chokongola chimene akanalipira wojambula kuti amupangire.

Zolemba zake zisamusowe, chifukwa kalendala ya msonkho imamupatsa yokha. Msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, pamene wa VAT ndi pa 25. Chikumbutso chotumizidwa masiku atatu tsikulo lisanakwane chimagwira mtima kuposa chithunzi cha suti ndi mawu olimbikitsa. Koma apa pali msampha. Milingo ya msonkho imasintha, kawirikawiri nduna ya zachuma ikawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo. Uthenga wa chaka chatha umapitirirabe kuzungulira m'magulu a WhatsApp uli ndi dzina lake, ndipo wina akautsata n'kulipitsidwa chindapusa, sadzaiwala amene anaulemba. N'chifukwa chake uthenga uliwonse wokhala ndi nambala uzikhala ndi deti pamwamba.

Za LinkedIn ndinene mwachidule: ndi yabwino pofuna kuti akuluakulu a makampani ndi mabungwe akuoneni, komanso kuti maakauntanti anzanu akutumizireni ntchito zimene zawachepera. Koma mayi wogulitsa zitenje ku Limbe simudzamupeza kumeneko.

Intaneti imangothandiza kuti munthu akudziweni. Kuti akupatseni mabuku ake, amafuna kumva kwa wina amene amamukhulupirira, ku tchalitchi, ku mzikiti, ku banki mkhonde kapena pamzere wa ku banki. Kumeneko inu simukhalako, ndipo zimene zimakambidwa si madigiri anu. Kasitomala wamba sangathe kuyeza ngati mabuku mwawalemba mwaluso. Amayeza zimene akuona: kodi mumayankha foni pa 13, iye mtima uli m'mwamba? Kodi munamuuza mtengo musanayambe, kapena unakwera ntchito ili pakati? Kodi atakupatsani ndalama ya msonkho munamubweretsera umboni woti yalipiridwa? Pa mfundo yomalizayi, njira yabwino ndi yakuti ndalama ya msonkho isadutse m'manja mwanu n'komwe. Konzani zonse pa Msonkho Online, kasitomala akalipire yekha ku banki. Mbiri za maakauntanti ambiri zafera pa ndalama imene "anangobwereka kaye" kwa sabata imodzi.

Kupempha kuti akutchuleni kwa ena si chamanyazi, bola nthawi yake ikhale yoyenera, monga tsiku limene setifiketi yatuluka. Mawu ake ndi osavuta: "Bambo, ngati pali anzanu ena operekera katundu amene masetifiketi awo angobalalika, apatseni nambala yanga." Mukatchula vuto lenilenilo, kasitomalayo amakumbukira nkhope ya mnzake pomwepo. Ndipo ngati mukufuna kuika mawu ake oyamikira pa tsamba lanu, pemphani chilolezo cholembedwa, musatchule ndalama zake. Kujambula mulu wa malisiti a kasitomala n'kulemba kuti "tili pa ntchito" ndi kulakwa, chifukwa dzina la sitolo limaoneka, ndipo aliyense woona amadziwa kuti zake nazonso mudzazionetsa.

Palinso malire a zimene mungadzitchule. Ku Malawi ntchitoyi imayendera lamulo la 2013 la maakauntanti ndi maodita, ndipo mabungwe oyang'anira ndi Malawi Accountants Board ndi ICAM. Kukhoza mayeso ena, kapena kukhala ndi digiri, sikupatsa munthu mphamvu yosainira mabuku ngati odita. Pamafunika chiphaso chake. Choncho lembani pa tsamba lanu mlingo weniweni umene mwafika, ndipo ntchito ya odita ikabwera muitumize kwa amene ali ndi chiphaso. Wamkulu ameneyo sadzaiwala, ndipo ntchito zing'onozing'ono zolemba mabuku zimene iye alibe nazo nthawi zidzabwera kwa inu.

Chovuta kwambiri chimafika pamene makasitomala akadali awiri kapena atatu, lendi ikudikira. Wina amabwera n'kuti, "Mchemwali, mundikonzere mabuku awiri, ena opita ku banki oonetsa phindu lalikulu, ena opita ku MRA oonetsa kuluza." Amalipira bwino, ndipo nayenso adzakutchulani kwa anzake. Vuto ndi lakuti anzakewo adzabwera kudzafuna zomwezo, ndipo tsiku limene MRA idzafunse malisiti, mwini bizinesi adzati iye sadziwa kanthu, mabuku analemba ndi akauntanti.