Ndemanga ya bwana pa dokotala amene watha chaka

Ambiri mwa amene timawaitana kuti adokotala m'zipatala za m'maboma ndi makiliniko ofisa. Amaphunzira zaka zitatu, monga ku Malamulo kapena ku sukulu ya zaumoyo ya ku Lilongwe, ndipo ndi iwo amaona odwala pamzere, kuyendera mawodi, ngakhale kuchita opaleshoni ya amayi amene avutika pobereka. Watsopano akatha chaka pantchito, mkulu wake amalemba ndemanga ya momwe wagwirira. Kawirikawiri pepalalo limangoti "ndi wolimbikira, apitirize" kapena "akhwimitse ntchito". Mawu oterewa sapweteka munthu, komanso samukonza. Akhwimitse pati?

Ndemanga yabwino imachokera m'mafayilo a odwala. Tiyerekeze kuti mkuluyo watenga mafayilo 20 a ana amene mnyamatayu anawagoneka chifukwa cha malungo aakulu, ena a miyezi yoyambirira, ena a posachedwa. Apo akhoza kulemba kuti: "Ana onse 20 anayezedwa magazi asanalandire mankhwala, ndipo jakisoni woyamba wa atesuneti sanachedwe. Koma m'mafayilo 6 mulibe sikelo ya mwana." Sikeloyo si nkhani yaing'ono. Mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, pamene wamkulu kuposa apo amalandira 2.4. Mwana wa makilogalamu 12 ayenera kupatsidwa mamiligalamu 36, ndiye woyeza ndi maso akhoza kupereweza kapena kupyoza. Ndemangayo ithe ndi chochita: "Sikelo izilembedwa mankhwala asanalembedwe. Tidzaonanso mafayilo ena 20 pakatha miyezi itatu."

Povuta ndi pa chilungamo. Asanalembe, mkuluyo afunse kaye ngati sikelo ya ku wodi ya ana inkagwira ntchito masiku amenewo. Ngati inali yakufa, cholakwacho n'cha chipatala, ndipo chilembedwe choncho. N'chimodzimodzi mankhwala akatha ku famase, kapena munthu mmodzi akamagwira yekha mawodi atatu usiku. Imfa ya wodwala nayonso si mlandu payokha. Wofika mochedwa atakomoka kale akhoza kumwalira ngakhale zonse zachitidwa bwino. Chofunika kuona n'choti kodi anazindikira msanga kuti zamukulira, n'kuitana wamkulu kapena kutumiza wodwalayo ku chipatala chachikulu. Wa chaka chimodzi amene amafunsa thandizo msanga ayamikiridwe, asamulembe ngati wamantha.

Za khalidwe zimafuna kusamala kwambiri, chifukwa apa mpamene chidani chimabisala. "Ndi wamwano" ndi chitonzo chabe. "Anamwino adandaula kawiri kuti sayankha foni akakhala pa kolo, ndipo tinakambirana mwezi wa Juni" ndi nkhani yoti mwiniwake akhoza kuvomera kapena kukana ndi umboni.

Inu akuluakulu olemba mapepalawa, cholakwa chimene simunamuuze munthu chaka chonse musakachiyambire pa pepala. Muuzeni chikangochitika, ndipo mumpatse mpata wowerenga ndi kuyankha asanasaine.