Kutchera Taimala ya Tchipu Kuti Iziitana Purosesa pa Nthawi Yake

M'kati mwa tchipu ya ATmega328P, yomwe imayendetsa bolodi yotchuka ya Arduino Uno, muli timakina titatu towerenga nthawi totchedwa mataimala. Taimala ilibe ola kapena mphindi monga wotchi yapamkono. Chomwe imadziwa ndi kuwerenga basi: tchipu ikagunda kamodzi, nambala yomwe taimala ikusunga imakwera ndi imodzi. Pa Uno, tchipu imagunda maulendo 16,000,000 pa sekondi, ndipo taimala imawerenga payokha, purosesa ikugwira ntchito zina.

Apa m'pamene taimala imasiyanirana ndi lamulo la `delay()` lomwe ophunzira ambiri amayambira. Pulogalamu ikalamulidwa kudikira sekondi imodzi, kenako n'kuwerenga kutentha kwa m'chipinda, n'kudikiranso, ulendo uliwonse umatenga sekondi kuphatikizapo kanthawi kowerengera kutenthako. Kanthawiko kamaunjikana, ndipo pofika madzulo muyeso wonse umakhala utatsalira. Taimala ilibe vutoli chifukwa siyembekezera kuti purosesa imalize ntchito. Nthawi ikakwana imatumiza chizindikiro chotchedwa intarapiti. Purosesa imasiya kaye zomwe imachita, n'kukagwira kantchito kapadera komwe wolemba pulogalamu anakonza, kenako n'kubwerera pomwe inasiyira.

Mwa mataimala atatuwo, Timer0 ndi Timer2 ndi a mabiti 8, motero amawerenga kuyambira 0 mpaka 255 okha. Timer0 ili kale ndi mwini wake, popeza ndi yomwe imayendetsa `millis()` ndi `delay()`, ndipo woisintha amasokoneza malamulo awiriwa. Timer1 ndi ya mabiti 16, imafika mpaka 65,535, ndipo ndiyo yoyenera pa ntchito yofuna nthawi yolondola.

Ikasiyidwa pa kachitidwe kake kosavuta, taimala imawerenga mpaka kudzaza, n'kubwerera pa 0. Koma nthawi yodzazira siigwirizana ndi sekondi kapena milisekondi yathunthu. N'chifukwa chake pali njira yoyerekeza, yomwe buku la tchipuyi limaitcha CTC. Wolemba pulogalamu amaika nambala ya malire m'kachipinda ka tchipu kotchedwa rejisitala, dzina lake OCR1A. Pa sitepe iliyonse, tchipu imayerekeza nambalayo ndi nambala yomwe taimala yafikapo, yosungidwa mu TCNT1. Ziwirizi zikafanana, taimala imabwerera yokha pa 0 ndipo intarapiti imatuluka. Zili ngati kalaliki wowerenga matumba a chimanga pa depoti, amene akafika pa nambala yomwe anauzidwa amaimba mluzu n'kuyambanso kuwerenga, osayembekezera kuti bwana ayankhe. Pulogalamu siikhudzako pa kubwerera pa 0, ndiye ngakhale purosesa itachedwa pang'ono kuyankha, ulendo wotsatira umakhala utayamba kale pa nthawi yake.

Masamu ake ndi ochepa koma amafuna kusamala. Chitsanzo chikhale intarapiti imodzi pa sekondi iliyonse. Taimala itawerenga kugunda kulikonse kwa tchipu, ikanafunika kufika pa 16,000,000, pamene malire ake ndi 65,535. Imadzaza m'mamilisekondi anayi okha. Kotero pakati pa wotchi ya tchipu ndi taimala pali chogawira chotchedwa puresikela, chomwe chimachititsa kuti taimala ikwere kamodzi pakadutsa kugunda kangapo. Pa Timer1 munthu angasankhe 1, 8, 64, 256 kapena 1024 basi. Kugawa ndi 64 kumapereka masitepe 250,000 pa sekondi, omwe sangakwane mu rejisitala. Kugawa ndi 256 kumapereka masitepe 62,500, ndipo nambala imeneyi ikukwana. Kugawa ndi 1024 kumapereka 15,625, zomwenso zimatheka, koma sitepe iliyonse imakhala yaitali mamaikulosekondi 64 m'malo mwa 16. Chizolowezi chabwino ndi kusankha puresikela yaing'ono kwambiri yomwe ikulola nambala kukwana, chifukwa masitepe aafupi amapatsa mpata wokonza nthawi pang'onopang'ono pambuyo pake.

Lamulo lonse limalembedwa motere, pomwe `F_CPU` ndi kugunda kwa tchipu pa sekondi, `N` ndi puresikela, ndipo `f` ndi chiwerengero cha maintarapiti ofunika pa sekondi:

```
OCR1A = F_CPU / (N * f) - 1
OCR1A = 16000000 / (256 * 1) - 1 = 62499
```

Kuchotsa 1 kumapetoko ndi kumene anthu ambiri amaiwala. Taimala imayambira pa 0, ndipo 0 nayenso ndi sitepe. Kuchokera pa 0 kufika pa 62,499 pali masitepe 62,500 ndendende. Wolemba 62,500 amatalikitsa sekondi iliyonse ndi mamaikulosekondi 16, zomwe maso sangaone, ngakhale kuti pa tsiku zimaposa sekondi imodzi. Cholakwachi chimakula nambala ya malire ikakhala yaing'ono. Pofuna intarapiti pa milisekondi iliyonse ndi puresikela ya 64, nambala yoyenera ndi 249. Kulemba 250 kumachititsa kuti wotchi yomangidwa pa taimalayo izitsalira pafupifupi mphindi zisanu ndi imodzi tsiku lililonse.

Nambala zikadziwika, kutchera kwenikweni kumatenga mizere yochepa. Pulogalamu ili m'munsiyi imayatsa ndi kuzimitsa kanyali ka pa pini 13, kusintha kamodzi pa sekondi:

```c
void setup() {
  pinMode(13, OUTPUT);
  noInterrupts();
  TCCR1A = 0;
  TCCR1B = 0;
  TCNT1  = 0;
  OCR1A  = 62499;
  TIFR1  = (1 << OCF1A);
  TIMSK1 = (1 << OCIE1A);
  TCCR1B = (1 << WGM12) | (1 << CS12);
  interrupts();
}

ISR(TIMER1_COMPA_vect) {
  PINB = (1 << PB5);
}

void loop() {}
```

Ndondomeko ya mizereyi ili ndi chifukwa chake. Poyamba maintarapiti onse amaletsedwa kuti pasabwere chosokoneza ntchito ili pakati. Kuika 0 mu TCCR1A ndi TCCR1B kumaimitsa taimala ndi kufufuta zonse zomwe zinalimo, kenako TCNT1 imabwezedwa pa 0 ndipo malire amalembedwa mu OCR1A. Mzere wa TIFR1 umafufuta mbendera yakale ya intarapiti ngati inatsala itakwezedwa; chodabwitsa n'chakuti pa tchipu imeneyi mbendera imatsitsidwa polembapo 1, osati 0. Biti ya OCIE1A imapatsa taimala chilolezo choitana purosesa. Pomalizira, WGM12 imasankha njira yoyerekeza ndipo CS12 imasankha puresikela ya 256. Mzere umenewu uli kumapeto dala, chifukwa kusankha puresikela ndi kumene kumayambitsa taimala kuyenda. Dzina lakuti `TIMER1_COMPA_vect` liyenera kulembedwa molondola. Likalakwika, kompaila imangochenjeza koma pulogalamu imalowabe mu tchipu, ndipo intarapiti ikatuluka n'kusowa kopita, pulogalamu imayambiranso pachiyambi mobwerezabwereza.

Mizere iwiri yoika 0 ija imaoneka ngati yongowonjezera, koma pa Arduino ndi yofunika kwambiri. Bolodi ikayaka, `setup()` isanayambe, pulogalamu ya Arduino imakhala itakonza kale Timer1 kuti izigwira ntchito ya `analogWrite()` pa mapini 9 ndi 10. Imasiya biti ya WGM10 ili pa 1, komanso mabiti a CS11 ndi CS10, omwe amasankha puresikela ya 64. Munthu akapanda kufufuta TCCR1A, WGM10 imaphatikizana ndi WGM12 n'kupanga njira ina yomwe imawerenga mpaka 255 yokha. Intarapiti imatuluka maulendo pafupifupi 244 pa sekondi, ndipo kanyali kamangooneka koyaka mozilala, osaphethira. Akapanda kufufuta TCCR1B n'kungowonjezera CS12 pamwamba pa mabiti akalewo, mabiti atatu onse amakhala 1, zomwe zimauza taimala kuti iziwerenga kugunda kochokera kunja kudzera pa pini 5. Pa piniyo pakakhala popanda chogunda, taimala imangoima. Kanyali kozilala ndi kanyali kosasintha n'komwe ndi zizindikiro ziwiri zoyamba kuziganizira pulogalamu ikakana kuyenda. Ndi bwinonso kudziwa kuti Timer1 ikatengedwa motere, `analogWrite()` pa mapini 9 ndi 10 imaleka kugwira ntchito bwino, ndipo laibulale ya `Servo`, yomwe imadalira taimala yomweyi, singagwiritsidwe ntchito nthawi imodzi.

Kantchito ka mu intarapiti kayenera kukhala kakafupi. Kakamayenda, maintarapiti ena amakhala atatsekeredwa, ndipo tchipu imasunga mbendera imodzi yokha pa intarapiti iliyonse. Kantchito kakatalika mpaka malire kufikidwa kawiri kasanathe, ulendo umodzi umatayika popanda chenjezo lililonse. Motero `delay()` ndi kulemba mawu ambiri ndi `Serial.print()` zilibe malo mmenemo. Njira yabwino ndi yakuti intarapiti ingokweza nambala kapena kuika chizindikiro, ntchito yolemera ichitikire mu `loop()`. Nambala yogwiritsidwa ntchito mbali zonse ziwiri iyenera kulengezedwa ndi mawu akuti `volatile`, apo ayi kompaila ingaganize kuti siisintha n'kusiya kuiwerenganso. Ndipo popeza purosesa imeneyi imanyamula mabiti 8 pa ulendo, nambala yoposa pamenepo iyenera kukopedwa maintarapiti ataletsedwa kwa kanthawi, kuopa kuti ingasinthe theka lake litawerengedwa kale.

Msampha wina umagwira amene amasintha OCR1A taimala ikuyenda. Mu njira yoyerekeza, nambala yatsopano imayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo. Ngati taimala yafika pa 40,000 ndipo malire atsopano ndi 30,000, yawadutsa kale, ndiye imapitirira mpaka 65,535, kubwerera pa 0, n'kudzawapeza pa ulendo wachiwiri. Zotsatira zake ndi ulendo umodzi wautali modabwitsa. Kusintha malirewo kuchitike koyambirira kwa intarapiti, taimala itangobwerera pa 0.

Poyesa ngati zonse zili bwino, osilosikopu kapena mita yoyeza kugunda imalumikizidwa pa pini 13. Popeza intarapiti iliyonse imangotembenuza pini kamodzi, kuyaka ndi kuzima kwathunthu kumatenga maintarapiti awiri. Mita idzaonetsa theka la nambala yomwe inawerengedwa, ndipo zimenezo si cholakwa. Pa maintarapiti othamanga, osilosikopu imaonetsanso kunjenjemera kwa mamaikulosekondi ochepa, komwe kumabwera purosesa ikapezeka ikutumikira intarapiti ya Timer0. Kuchedwa kotereku sikuunjikana.

Chomwe chimaunjikana ndi kulakwa kwa wotchi ya tchipu yeniyeniyo, ndipo masamu a OCR1A sangakuthetse pa okha. Taimala imakhulupirira kuti kugunda 16,000,000 ndi sekondi imodzi. Pa Uno, ATmega328P imatenga kugunda kwake ku kachipangizo ka seramiki, ndipo tizipangizo totere nthawi zambiri timaloledwa kuphonya mpaka 0.5 peresenti, komwe ndi mphindi zisanu ndi ziwiri pa tsiku, kuwonjezera apo timasintha ndi kutentha. Kirisitolo ya kwatsi yophonya magawo 30 pa miliyoni imataya masekondi osakwana atatu pa tsiku. Pa ntchito monga kuwerenga sensa maulendo 1,000 pa sekondi kapena kuyendetsa mota mofanana, Uno ndi yokwanira monga ilili. Pa chipangizo chofunika kusunga ola lenileni kwa miyezi, pamafunika bolodi ya kirisitolo kapena tchipu yapadera ya wotchi monga DS3231, yomwe imakonza yokha kusintha kobwera ndi kutentha ndipo imaphonya pafupifupi mphindi imodzi pa chaka.