Mawu 410 anatsika kufika pa 248

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira zaulimi pa Yunivesite ya Zambeze ku Ulongwe, kuno ku Angonia. Okonza msonkhano wa ofufuza anafuna chidule cha kafukufuku wake, chimene pa Chipwitikizi amati rezumu, chosapitirira mawu 250. Chake chinali ndi mawu 410.

Ntchito yake inali yabwino zedi. Anayerekeza mbewu ya mbatatesi yosungidwa m'chipinda chamdima ndi yosungidwa pa mathandala m'nyumba yolowa kuwala kosawomba mwachindunji. Koma chidulecho chinayamba ndi ziganizo zisanu zofotokoza kuti mbatatesi zinachokera ku mapiri a ku South America, kuti Angonia ndi dera lozizira, kuti alimi amazidalira. Zimene anapeza zinabisala kumapeto m'mawu akuti "zotsatira zidzakambidwa."

"Amalume, ndichotse chiyani? Zonsezi n'zoona," anatero.

Ndinamufunsa mafunso anayi, nkumuuza kuti ayankhe pakamwa: unkafuna kudziwa chiyani, unachita bwanji, unapeza chiyani, nanga mlimi atani? Kenaka anadula mzere kunsi kwa chiganizo chilichonse choyankha limodzi la mafunsowo. Ziganizo za mbiri ya mbatatesi zinatsala zopanda mzere, ndipo zinachoka zonse kupatula chimodzi chonena vuto lenileni: mbewu yosungidwa mumdima imatulutsa mphukira zazitali, zoyera, zothothoka msanga pobzala. Pamenepo pokha panachoka mawu oposa 90.

Kenaka anapeta ziganizo zotsalazo. Apa ndikuzimasulira m'Chichewa. Poyamba analemba kuti: "Kafukufuku ameneyu anachitika ndi cholinga chofuna kuyesa kuona ngati pangakhale kusiyana kulikonse pakati pa njira ziwiri zosungira mbewu." Tsopano pali: "Tinayerekeza njira ziwiri zosungira mbewu." Mawu 18 asanduka 5, tanthauzo lili lomwelo! Mayina a olemba mabuku anachoka, mayina a zipangizo wamba ngati sikelo anachokanso. Koma mtundu wa mbatatesi, miyezi yosungira ndi kuchuluka kwa maulendo obwereza kuyesako sizinakhudzidwe, chifukwa popanda zimenezi wowerenga sangadziwe ngati zotsatirazo n'zodalirika.

Chinandisangalatsa koposa n'chakuti gawo la zotsatira linakula. Tinatsika mpaka 215, ndiye malo otsalawo anaikapo manambala ake: utali wa mphukira m'mamilimita ndi kulemera kumene mbewu inataya pa njira iliyonse. Pomaliza ankafuna kulemba kuti njira yosungira powala ithetsa njala m'chigawo chonse cha Tete. Anaona yekha kuti sanayeze zimenezo, nalemba zimene anayezadi: mbewu yosungidwa powala inatulutsa mphukira zazifupi, zobiriwira ndi zolimba, choncho njirayi ikuyenera kuyesedwa m'minda ya alimi.

Atawerengetsa pa kompyuta panatuluka 248, mtsikana nkuyimba nthungululu. Mnzake wa m'kalasi anachiwerenga kamodzi kokha, ndipo anayankha mafunso anayi aja onse osayang'ananso papepala.